Musanayambe kukonza chithunzi chakale: momwe mungasankhire dpi ndi mtundu wa fayilo pa sikana

Anthu ambiri amene amanditumizira zithunzi zoonongeka kuti ndiwakonzere amakhala atalakwitsa kale ntchitoyo isanayambe. Munthu amatenga chithunzi cha agogo ake, kupita nacho pa shopu ya fotokope m'tauni muno, kunena kuti "mundipangire sikani", basi. Mnyamata wa pa shopupo amadina batani lomwe amadina tsiku lililonse akamajambula masatifiketi ndi makalata ofunsira ntchito. Chotuluka chimakhala PDF kapena JPEG ya 200 dpi, kutanthauza timadontho 200 tokha pa inchi, ndipo imabwera kwa ine kudzera pa WhatsApp. Pa foni chimaoneka bwino ndithu. Koma ndikangochikulitsa pa kompyuta kuti nditseke mng'alu wodutsa pa diso, disolo limasanduka timabokosi tingapo totuwa, popanda pogwira.

Wokonza chithunzi amagwira ntchito ndi zimene sikana yatola. Zimene sinatole, palibe pulogalamu yozibweza. Ndiye tiyeni titsate chithunzi chimodzi kuyambira poyamba mpaka fayilo itasungidwa: kachithunzi ka masentimita 6 m'lifupi ndi 9 m'litali, ka msilikali wa KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, atavala yunifolomu, ngati tija timapezeka m'masutukesi a mabanja ambiri kuno ku Zomba. Kali ndi mng'alu wopingasa pankhope, banga lachikasu la madzi pakona, ndipo kasuluka. Abale akufuna chisindikizidwe pa pepala la A4 kuti chikaikidwe mu felemu pa tsiku loonetsa chiliza.

## Zofunika kukhala nazo

- Sikana ya galasi lafulati, ija yotsegula chivindikiro. Ija yokoka mapepala yokha musaiyandikize ku chithunzi chong'ambika.
- Kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya sikanayo, osati kungodina batani la pa makina.
- Rula ya masentimita.
- Kansalu kofewa kosatuluka ubweya, kopukutira galasi, ndi kabulashi kofewa kouma.
- Fulashi yanuyanu yokhala ndi malo osachepera 1 GB.
- Envulopu yolimba kapena makatoni awiri oikamo chithunzi poyenda.

## Sitepe 1: Yezani chithunzi, ndipo dziwani kumene chikupita

Musanayatse makina, tengani rula. Lembani kukula kwa chithunzi chenichenicho, kusiya mpendero woyera wa m'mbali. Kenako dzifunseni kuti chikakonzedwa chidzasindikizidwa pa kukula kotani. Funso limeneli ndi limene anthu amalumpha, chonsecho nambala ya dpi imachokera pamenepa. Chathu ndi cha 6 ndi 9, ndipo chikupita pa A4, yomwe ndi masentimita 21 ndi 29.7.

Chenjezo: ngati simukudziwa kukula komwe mudzafune, ganizirani kwakukulu. Fayilo yaikulu imachepetsedwa nthawi iliyonse. Yaing'ono sikula, imangofufuma.

## Sitepe 2: Werengerani dpi

Nambala ya dpi imanena kuchuluka kwa timadontho timene sikana itole pa inchi imodzi ya pepala, ndipo inchi ndi masentimita 2.54. Timadontho timeneti tikafika pa kompyuta ndi timene timatchedwa mapikiselo. Chithunzi chosindikizidwa chimaoneka chosalala m'maso chikakhala ndi timadontho pafupifupi 300 pa inchi. N'chifukwa chake mumamva anthu akunena kuti "300 ndi yokwanira". Akunena zoona, koma pokhapokha ngati chithunzi chidzatuluka pa kukula komwe chinalowera. Mukachikulitsa, timadontho tomweto timamwazikana pa malo aakulu.

Kuwerengera kwake ndi uku:

```
dpi = (chotuluka ÷ cholowa) × 300
dpi = (29.7 ÷ 9) × 300 = 990
```

Tatenga mbali yaitali ya A4 n'kugawa ndi mbali yaitali ya kachithunzi kathu. Sikana zambiri zimalumpha kuchoka pa 600 kufika pa 1200, ndiye tikwera m'mwamba, tisankha 1200. Osatsika.

Taonani kusiyana kwake. Pa 300 dpi kachithunzi kathu kamapereka mapikiselo pafupifupi 709 ndi 1063. Mukawatambasula pa A4 mumatsala ndi timadontho 91 pa inchi, ndipo nkhope ya agogo imaoneka ngati mukuiona kuseri kwa galasi lachifunga. Pa 1200 dpi timapeza 2835 ndi 4252, zomwe zikudzaza A4 n'kutsalako.

Koma chifukwa chachikulu kwa ife okonza si kusindikiza ayi, ndi mng'alu uja. Tinene kuti diso la msilikaliyo pa pepala ndi lalikulu milimita imodzi. Pa 300 dpi, disolo ndi mapikiselo 12 m'lifupi. Mng'alu wopyapyala ngati ulusi ukadutsapo umadya awiri kapena atatu, ndipo m'mphepete mwake umasakanikirana ndi diso lomwelo, moti simungadziwe pamene mng'alu wathera ndi pamene chikope chayambira. Pa 1200 dpi diso lomwelo ndi mapikiselo 47. Mng'alu umaoneka pawokha, mbali zake zili bwinobwino, ndipo pamatsala khungu lokwanira lotapapo potseka. Choncho ngakhale chithunzi chimene sichidzakulitsidwa, ngati chikukakonzedwa, ine sinditsika pa 600. Kwa zithunzi za saizi ya positikhadi, masentimita 10 ndi 15, 600 imakwana. Tizithunzi ta pasipoti ndi ta pa ziphaso zakale timafuna 1200.

Chenjezo: kukwera kuli ndi malire ake. Pepala la chithunzi lili ndi pamene limathera. Mukapitirira 600 simukutolanso zambiri zatsopano za pa nkhope ya munthuyo, mukungotola bwino mng'alu, fumbi ndi khungu la pepala, zomwe ndi zothandiza pokonza ndi pokulitsa, koma mpaka penapake. Kuika 4800 dpi pa positikhadi ndi kungodzipatsa fayilo yolemera imene laputopu yanu ikanika kutsegula.

## Sitepe 3: Onani ngati nambalayo ndi yeniyeni

Sikana ili ndi nambala ziwiri. Ina ndi imene diso la makinawo limaonadi, yomwe m'buku lake imalembedwa kuti `Optical resolution`. Ina ndi yongopeka, `Interpolated`, pamene pulogalamu imaika timadontho tongoganizira pakati pa teniteni. Manambala aakulu odabwitsa ngati 19200 pa katoni ya makina nthawi zambiri amakhala a mtundu wachiwiriwu. Musadutse nambala yoyambayo. Ngati makina a pa shopu amathera pa 600 yeniyeni, tengani 600 yomweyo, kukulitsa kudzachitike pa kompyuta pambuyo pokonza.

Pali kanthu kenanso ka makina kamene kamavuta ndi zithunzi zopindika. Sikana zopyapyala, ndi zambiri zija zolumikizana ndi pulinta, zimaona bwino chinthu chokhacho chimene chagona ndithu pagalasi. Diso lake limatchedwa CIS. Chithunzi chikatukuka pang'ono pa khwinya, malo amenewo amatuluka osaoneka bwino ngakhale muike dpi yaikulu bwanji. Sikana zonenepa, zokhala ndi diso lotchedwa CCD, zimaona patali pang'ono kuchoka pagalasi. Chithunzi chanu chikakhala chokwinyika kwambiri, kapena chinamatirira ku galasi la felemu chifukwa cha chinyezi, funsani komwe kuli ya CCD. Chomatirira pagalasicho musachimatule. Chimasiya nkhope pagalasi n'kukutsalirani pepala loyera m'manja. Chijambuleni ndi galasi lake lomwelo.

## Sitepe 4: Sankhani mitundu, ngakhale chithunzi chili chakuda ndi choyera

Apa ndi pamene ndimakangana kwambiri ndi anyamata a m'mashopu. Akaona chithunzi chakuda ndi choyera amathamangira `Grayscale`, ena mpaka `Black and White`, yomwe ndi ya zolemba ndipo imapha mithunzi yonse. Inu nenani kuti `Color`.

Chifukwa chake ndi banga lija. Fayilo yamitundu imakhala ndi zigawo zitatu: chofiira, chobiriwira ndi chabuluu. Banga lachikasu kapena lofiirira limaoneka lakuda kwambiri m'chigawo chabuluu, koma m'chofiira limatsala pang'ono kusowa. Wokonza amangotenga chigawo chofiiracho, banga lachepa lokha asanakhudze n'komwe. Mukajambula pa `Grayscale`, makina amasakaniza zitatu zija, banga limasanduka dothi lotuwa lofanana ndi yunifolomu, ndipo ntchito ya mphindi zisanu imakhala ya masana onse.

Pamalo omwewo mupeza `24-bit Color` ndi `48-bit Color`. Yoyamba imagawa kuwala kwa chigawo chilichonse m'masitepe 256 kuchoka pakuda kufika poyera. Yachiwiri imagawa m'masitepe 65,536. Pa chithunzi chabwinobwino simuona kusiyana. Pa chosuluka nkhani imasintha. Kachithunzi kathu kalibenso pakuda bii kapena poyera mbee, zonse zaunjikana pakati. Tinene kuti kakugwiritsa masitepe 80 okha mwa 256 aja. Pobwezeretsa kuwala timawakoka 80 amenewo kuti adzaze malo onse, ndiye pakati pamatsala mipata. Zotsatira zake mumaziona pa tsaya ndi pa mlengalenga: m'malo mosintha pang'onopang'ono, mtundu umadumphadumpha ngati mizere ya m'munda wa m'phiri. Ndi `48-bit Color` masitepe ndi ambiri moti kukoka sikusiya mipata yooneka.

Chenjezo: si makina onse amene amatulutsa 48. Ngati palibe, tengani `24-bit Color` osadandaula, bola sitepe 6 muitsate.

## Sitepe 5: Zimitsani zonse zodzikonzera zokha

Tsegulani mbali ya pulogalamu imene imakupatsani mphamvu yosankha. Pa makina a Epson imatchedwa `Professional Mode`, kwina `Advanced Mode`. Chotsani chizindikiro pa `Unsharp Mask`, `Color Restoration`, `Dust Removal` ndi zina zofanana nazo.

Zimaoneka ngati zikukuthandizani, pajatu chithunzi chimatuluka chowala. Koma `Unsharp Mask` sisiyanitsa nsidze ndi mng'alu: imanola zonse, n'kuika kamzere koyera m'mbali mwa chilichonse, kamene muvutike nako kufufuta. `Dust Removal` nayo imatha kuona kadontho kowala ka m'diso kapena batani la malaya ngati fumbi, n'kulichotsa. Zimenezi zikalowa m'fayilo zalowa. Sikani yabwino yokakonza imaoneka yozizira, yosasangalatsa, yofanana ndi pepala lomwe muli nalo m'manja. Mwini shopu akati "koma bwana sichikuoneka bwino", muuzeni kuti chisiyeni choncho.

Tsopano pukutani galasi, sasani fumbi pa chithunzi ndi kabulashi, chigonekeni mowongoka, dinani `Preview`, ndipo jambulani bokosi lozungulira chithunzi chokhacho n'kusiya kampata pang'ono kunja kwa m'mphepete. Mukaiwala bokosilo, makina ajambula galasi lonse la A4 pa 1200 dpi, fayilo yopitirira 800 MB ya kachithunzi kokwana m'chikhatho. Ngati chithunzi chili m'zidutswa, ziikeni moyandikana koma zisagundane, ndipo musazilumikize ndi selotepu.

Madzi, sipiriti kapena malovu zisafike pa chithunzi. Chimene chachita chuku, zomwe sizachilendo kuno mvula ikamagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, chiyambe chauma pamthunzi musanachisase.

## Sitepe 6: Sungani ngati TIFF

JPEG imachepetsa fayilo potaya zina. Imadula chithunzi m'timabwalo ta mapikiselo 8 ndi 8, ndipo m'kabwalo kalikonse imataya kusiyana kwakung'ono kumene ikuganiza kuti diso silingaone. Pa chithunzi cha phwando chongoonera pa foni palibe vuto. Koma pa chosuluka, kusiyana kwakung'onoko ndiye chuma chimene tikufuna kukokera poyera. Mukakweza kuwala, timabwalo tija timatulukira ngati matailosi pa nkhope. Komanso nthawi iliyonse mukakonza n'kusunganso ngati JPEG, imatayanso zina. Ndipo JPEG wamba sinyamula 48-bit, ndiye mukasankha iyo, zonse za sitepe 4 zapita m'madzi.

TIFF sitaya kanthu. Isungeni kakhumi, ikhala momwemo. Pulogalamu ikafunsa za `Compression`, sankhani `None`. `LZW` nayo sitaya kanthu ndipo imathandiza pa 24-bit, koma pa 48-bit nthawi zina imakulitsa fayilo m'malo moichepetsa. Samalani ndi `JPEG` imene imabisala pa mndandanda womwewo mkati mwa TIFF. Ngati TIFF palibe, PNG ndi yabwino chifukwa nayo sitaya. Ngati makinawo akungodziwa JPEG basi, ikani `Quality` pamwamba penipeni, ndipo mukafika kunyumba musinthe fayiloyo kukhala TIFF musanayambe kukonza. Sizibweza zotayika, zimangoletsa kutaya zina. PDF ikaneni: kawirikawiri ndi JPEG yomweyo yokutidwa m'chikwama.

Kulemera kwa fayilo mutha kukudziwiratu. Pikiselo iliyonse imadya mabayiti 3 pa 24-bit, 6 pa 48-bit:

```
2835 × 4252 × 6 ≈ 72 MB
```

Masamu amenewa ndi mboni yanu. Mukapempha zonsezi koma fayilo n'kutuluka ya 900 KB, china chake sichinatsatidwe.

## Sitepe 7: Ionetsetseni musanachoke pa makina

Musatenge chithunzi chanu n'kukakwera kabaza wa ku Chinamwali musanaone fayilo. Pa Windows dinani fayiloyo ndi batani la kumanja la mausi, sankhani `Properties`, kenako `Details`. Pa `Dimensions` payenera kuoneka manambala oyandikira 2835 ndi 4252, kuposerapo pang'ono chifukwa cha kampata kaja. Pa `Bit depth` pakhale 48 kapena 24. Dzina lithere ndi `.tif`.

Kenako itseguleni pa 100%, mupite pa mng'alu. M'mbali mwake muzioneka mwakuthwa, ngakhale nkhopeyo ili yofewa. Ichi ndi chiyeso chabwino: mng'alu uli pa pepala penipeni, ndiye ukakhala wosaoneka bwino vuto ndi sikana kapena pepala silinagone. Ukakhala wakuthwa koma nkhope ili yachimbuuzi, ndi momwe wojambula anajambulira kalelo, ndipo kuonjezera dpi sikusintha kanthu. Mukaona mzere woongoka wodutsa chithunzi chonse womwe pa pepala palibe, vuto lili m'makina, mwina dothi mkati kapena diso lake. Sunthirani chithunzi mbali ina ya galasi, mubwereze.

Zithunzi zina za m'ma 1970 ndi 1980 zili pa pepala lokhala ndi timabowo ngati zisa za njuchi. Nyali ya sikana imawalira mbali imodzi, ndiye kabowo kalikonse kamatulutsa kuwala ndi mthunzi. Chijambuleni kawiri: kachiwiri mutachitembenuza mutu pansi, dpi yomweyo. Wokonza akaziphatikiza, mithunzi ya uku imazimitsa ya uko. Jambulaninso kumbuyo kwa chithunzi ngati kuli dzina, chaka kapena chidindo cha situdiyo. Kumeneko 300 dpi ikwana.

## Sitepe 8: Fayilo yoyamba isakhudzidwe

Ipatseni dzina lomveka, mwachitsanzo `agogo_KAR_1200dpi_yoyamba.tif`, muisunge malo awiri. Kukonza kuchitike pa kope lake. Mu GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, ntchito ya pakati isungeni ngati XCF, mu Photoshop ngati PSD, kuti zigawo zimene mwasanjika zisaphwanyidwe. JPEG imabwera pomaliza penipeni, yopita kosindikiza ndi yotumizira azakhali ku Jali.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kutumiza pa WhatsApp ngati chithunzi. WhatsApp imachepetsa ndi kufinya zithunzi. Tumizani ngati `Document`, fayilo ifika momwe ilili. Pa Gmail fayilo yomata imathera pa 25 MB, ndiye yathu ya 72 MB siloledwa mwa njira imeneyo. Ngati wokonzayo ali ku Matawale kapena ku Sadzi konkuno, fulashi ndi yotchipa kuposa bando.

Kusintha nambala ya dpi pambuyo. Munthu amatsegula fayilo ya 200 dpi, n'kulemba 1200 pa `Image Size`, n'kuganiza kuti wakonza. Mwina mapikiselo akhala omwewo, nambala yokha yasintha, kapena pulogalamu yapeka ena. Yang'anani kuchuluka kwa mapikiselo amene sikana inatola, osati nambala yolembedwa pa fayilo. Chimodzimodzi kusintha `.jpg` kukhala `.tif` pa dzina.

Kujambula tsamba lonse la alubamu pamodzi. Zithunzi zinayi pa galasi limodzi pa 300 dpi, zili m'pulasitiki yake, kuti mulipire kamodzi. Pulasitiki imanyezimira ndipo imatukula chithunzi kuchoka pagalasi. Chimene chikukakonzedwa chijambulidwe pachokha.

Kujambula fotokope m'malo mwa chithunzi. Mabanja ena amabisa chenichenicho n'kupereka kope la pa pepala wamba. Kopelo lili ndi timadontho ta inki ta makina, ndipo 1200 dpi imangotola timadonthoto bwinobwino. Pemphani chenicheni, ngakhale mwini wake abwere nacho yekha n'kudikira pompo.

Kukanikiza chivindikiro pa chithunzi chouma gwa. Ichi ndinachiphunzira pa chithunzi cha ukwati wa amalume anga. Chinali chitapindika ngati tsamba la nthochi louma, ine n'kuchikanikiza kuti chigone, ndipo ndinamva kuti "the". Mng'alu umene ndinapita kukajambula unali umodzi, pa fayilo panatuluka iwiri. Chopindika choncho yambani mwachijambula momwe chilili, chivindikiro chitangotsamira pang'ono, musunge fayilo imeneyo, kenako muyese kuchigoneka ndi katoni yofewa pamwamba, mukutsitsa pang'onopang'ono ndi dzanja.